Batire ya Eni Panjira ya ku Mayeso

Bambo Chrispin a ku Tsangano ankatchajira anthu mabatire pa pikapu yawo yakale. Ankachotsa batire yawo, kuikapo yofooka ya mnansi, n'kuliza galimoto mokankha. Injini ikamayenda, alitaneta inkapereka moto kumapulagi n'kumadzazanso batireyo.

Tsiku lina anatinyamula ine ndi ana anga asukulu a Sitandade 8 kupita kokalemba mayeso. Panjira lamba wa alitaneta anakhwefuka, kagetsi kofiira kanayaka. Batire ya eni imene ankatchaja tsikulo inalibe moto wokwanira, ndipo injini inazimira m'chigwa.

"Aphunzitsi, ndawalakwira anawa," anatero bambowo, akutenga sipanala.

Anakunga lambayo, tinakankha katatu, koma batire inali itatheratu. Ana anathamanga makilomita asanu otsalawo. Awiri anapeza chitseko cha chipinda cha mayeso chitatsekedwa, ndipo Bambo Chrispin sanatchajirenso munthu batire.