Dzina Limene a Wadson Anasunga

A Wadson Mvula a ku Zemba anakalamba opanda mwana. Mbewu amaidziwa, matenda a thonje amawaona ali patali, koma pamudzi palibe anawapemphapo kutcha mwana dzina. Anthu amaiwala dala munthu wotere, ndipo zinkawapweteka.

Ndiye taganizani mmene mtima unadumphira pamene Melody, mtsikana wa kabungwe kena ka ku Chipata, anawapeza ku boma la Chadiza. Bungwelo linkapanga pulogalamu ya pafoni youza alimi za mvula ndi mitengo ya mtedza.

"Atate, alimi mumawadziwa ndinu," anatero Melody. "Mutipezere dzina. Likhale lalifupi, lokwana pansi pa kachizindikiro ka pafoni, losavuta kulemba polifufuza. Wa Chichewa alitchule, wa Chingerezi alitchulenso osaluma lilime."

A Wadson anapalasa njinga mpaka ku Pembamoyo. Ankatchula maina asanu kwa alimi, n'kubweranso patapita sabata kudzafunsa lomwe latsala m'mutu. "Mlangizi Wanu Pamunda" linatalika, "Agro Update" amayi linawakanika. Lomwe aliyense anakumbuka linali "Dimba Foni". Koma iwo sanauze munthu kuti asankha limenelo.

Melody anawaimbira foni katatu. "Atate, dzina lija? Likufunika msanga."

"Lilipo, mwanangu. Koma mwana akali m'chikuta. Ndidzalitchula tsiku lomutulutsa, anthu onse akumva."

"Sizitheka choncho, atate. Pulogalamu imatumizidwa ndi dzina lake kuti akaiunike isanaikidwe poti anthu aitenge."

A Wadson anavomera mwaulemu, koma mumtima anati ana a masiku ano ndi aphuma. Ankayesa kuti dzina amangolilemba ngati posunga nambala ya munthu, kamphindi chabe. Nayenso Melody, wosafuna kutaya nthawi, anangoganiza kuti mkuluyo walephera ndipo akuchita manyazi.

Tsiku lokhazikitsa pulogalamuyo, a Wadson anavala jekete, namanga nkhuku yoyera pakaliyala, pakuti wotcha dzina sapita chimanjamanja. Atafika pabwalo anapeza chinsalu chachikulu chitapachikidwa kale: "SmartAgri Advisory". Pamalaya a achinyamata dzina lomwelo. Mayi wina wa ku Zemba anayesa kuliwerenga, nalekera panjira.

Melody anabwera akuyang'ana pansi. "Pepani atate. Otithandiza ndi ndalama anasankha okha masabata atatu apitawo. Zikwangwani zasindikizidwa, uthenga wa pawailesi wajambulidwa. Sitingasinthe tsopano." Kenako anaona nkhukuyo. "Kodi munalidi nalo?"

"Ndinali nalo."

"Linali lotani?"

A Wadson anayang'ana chinsalu chija nthawi yaitali. Chisoni chinawagwira, chisoni chakale chomwe chija.

"Lisiyeni, mwanangu," anatero akutembenuza njinga. "Mwana wa eni ake amutcha kale. Ine ndazolowera."