Masamba amene kompyuta sinawerenge

Chaka chimene ndinapatsa koleji tchuthi chosatha, malume anandiuza kuti mvula ikayamba ndisanapeze ntchito, ndikawathandize ku esiteti ya fodya cha ku Kabudula kumene anali kapitawo. Ndinavomera mwaulemu, podziwa kuti munthu wa Chingerezi changa sangafike kumeneko.

Ntchito inabweradi. Mayi wina wa bungwe la m'tauni ananditumizira pa imelo buku lophunzitsira alimi kasamalidwe ka mankhwala a m'munda, lofunika kumasulira m'Chichewa, nati ndinene mtengo tsiku lomwelo. Ndinapalasa njinga mpaka pa Nsaru, pa shopu ya fotokope pomwe kompyuta amalipiritsa pa ola. Ndinatsegula bukulo, kompyuta inandiuza kuchuluka kwa mawu pakona pansi, ndinachulukitsa ndi mtengo wa liwu limodzi, n'kutumiza. Pobwerera ndinagula mandasi ngati munthu wolembedwa ntchito.

Kutacha, ndikuliona bwino, ndinapeza kuti pafupifupi theka la masamba linali zithunzi. Wina anangojambula buku lakale n'kumata. Kompyuta sidziwa kuti m'chithunzi muli mawu, imangodutsa. Matebulo onse a milingo ya mankhwala anali momwemo, ofunika kuwamanganso bokosi ndi bokosi.

Ndinawerenga ndi chala masiku awiri. Mawu zana akakwana ndinkaponya njere ya chimanga m'kapu. Chenjezo lovala magolovesi linkabwera m'mutu uliwonse, ndiye ndinaliwerengera mtengo wonse kamodzi, kwinako pang'ono chabe, poti pamafunikabe kuona ngati sanasinthemo kanthu. Matebulo ndinawaika pa maola. Mtengo watsopano unapitirira kawiri woyamba uja.

Ndinawaimbira mayi aja. Anandimvetsera mpaka kumapeto, ndipo sanakalipe. Anati mtengo woyamba abwana asayina kale.

“Zobwerezazo mungokopera, eti? Matebulo si kumasulira, achimwene, ndi mizere basi.”

Ndinawafotokozera kuti mizereyo imadya maola, ndipo maola pa Nsaru amagulitsa. Pa mtengo woyambawo, mwini shopu akanadya zonse, ine n'kuwonjezerapo njinga.

“Ndiye tinene kuti mwakana?”

Ndinati ndikuganiza kaye. Iwo sanadikire kuti ndimalize kuganizako, ntchito anaipereka kwa wina.

Malume atamva anangofunsa ngati chimanga cha m'kapu chija chinabwerera m'thumba. Mvula inagwa pa nthawi yake chaka chimenecho.

Bukulo ndinadzaliona chaka chotsatira ku esiteti, mlangizi akuligawa kwa matenanti pansi pa chigafa. Chichewa chake chinali chabwino ndithu, sindingamunamizire munthu. Koma masamba a zithunzi aja anawasiya m'Chingerezi momwe analili, matebulo ndi milingo yomwe. Tenanti wina wochokera ku Mulanje anandipatira lake kuti ndimuuze mlingo wothira m'sipuleya. Ndinapukuta manja pa buluku, ndinamumasulira tebulo lonse, ulere. Mpaka pano amandipatirabe, tsamba limodzilimodzi, nthawi yopuma.