Malole Anayendabe Popanda Ine

Ntchito ya udisipacha ndinaipeza kudzera mwa a Zulu, bambo a ku Chipata amene tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi ku Brampton, m'dziko la Canada. Iwo ankayendetsa lole yopita ku America, ine ndikunyamula makatoni muweyahausi, nyumba yaikulu yosungiramo katundu. Atamva kuti ku Blantyre ndinkakonza maulendo a malole opita ku Beira, anandigwira paphewa nati, "A Chimwaza, mubisiranji luso? Kuofesi kwathu afuna munthu wa padesiki. Mubwerese pepala yanu mailo." Mailo kwa iwo ndi mawa. Ndinapita nalo pepala lofunsira ntchitolo, ndipo ndinakhala pakampaniyo zaka khumi ndi zitatu.

Disipacha ndi munthu amene amalumikiza katundu, lole ndi dalaivala. Padesiki panga panali masikirini awiri, ina yoonetsa mapu ndi pamene lole iliyonse yafika, ina yoonetsa katundu amene akudikira. Kukhutu kunkakhala foni tsiku lonse. Malole athu ambiri anali a firiji, onyamula nyama, mkaka ndi zipatso, choncho ndinkayang'ananso kuzizira kwa m'ngolo iliyonse. Chovuta kwambiri chinali maola. Ku Canada dalaivala saloledwa kupitirira maola khumi ndi atatu pachiwongolero tsiku limodzi, ndipo akawoloka ku America amakhala khumi ndi limodzi. Kachipangizo ka m'lole kamawerenga kokha, sunganame. Ukamutumiza munthu kutali maola ake atatsala pang'ono, amaima panjira, nthawi yotsitsira katundu n'kudutsa, kasitomala n'kukana katunduyo. Mapepala a kasitomu nawo ankayenera kufika kwa wothandizira wathu wa pamalire lole isanayandikire mlatho wa ku Windsor.

Ndinkaidziwa ntchito imeneyi. Ndinkadziwa dalaivala amene amaopa chipale, amene mkazi wake akudwala, amene amafuna kukhala pakhomo Lachisanu. Pamisonkhano ya Amalawi ndi Azambia anthu anasiya kunditchula Chimwaza, ankangoti a Disipachi, ndipo zinkandikoma. Wina akafuna ntchito ya mlamu wake, ankabwera kwa ine. Jekete ya kampani ndinkavala ngakhale Loweruka. Foni ya kuntchito inkakhala pambali pa mbale yanga, ndipo tsiku limene mwana wathu Tadala ankalandira satifiketi ya kusekondale, ndinatuluka muholo kawiri kukayankha dalaivala. Ndinkanena monyada kuti ine ndikadwala, yadi yonse ya malole imaima.

Kampani yathu itagulidwa ndi ina yaikulu, anatiuza kuti palibe chisinthe. Kenako anabweretsa pulogalamu yatsopano yogawa maulendo, ndipo ine ndi amene ndinaiphunzitsa njira zathu, makasitomala athu ndi malamulo a malo aliwonse otsitsira. Ndinachita zimenezi mokondwa. Sindinaganizepo kanthu.

Linali Lachiwiri, mwezi wa Febuluwale, chipale chikugwa. Dalaivala wina dzina lake Harjit anali ataimitsidwa pamalire ndi ngolo yodzaza nkhuku zopita ku Ohio, chifukwa nambala ya papepala la kasitomu inasiyana ndi ya pakatundu. Maola ake ankatha. Ndili pafoni ndi wothandizira wa pamalire, pasikirini panatulukira uthenga wopanda mutu wa nkhani, wondiitanira kumsonkhano wa mphindi khumi ndi zisanu ndi Darren, bwana wanga. Ndinamuuza Harjit kuti, "Usasunthe, ndikuimbiranso pompano."

M'chipinda cha msonkhano Darren sanali yekha. Munali mayi wa kuofesi yoona za antchito amene ndinali ndisanamuonepo, envelopu yaikulu ili patebulo. Darren sanandiyang'ane. Anawerenga papepala, mawu amene ndinaona kuti sanalembe yekha: ntchito yogawa maulendo yasamutsidwira kulikulu, mpando wanga wathetsedwa, ndipo lero ndi tsiku langa lomaliza. "Si chifukwa cha kagwiridwe kako ka ntchito," anatero, kenako anatuluka.

Mayi uja anayamba kufotokoza pang'onopang'ono. Andichotsa popanda mlandu, choncho andilipira m'malo mwa notisi pamodzi ndi za zaka zimene ndagwira. Inshuwalansi ya mankhwala ndi mano ipitirira mpaka tsiku lolembedwa m'kalata. Pali pepala loti ndisaine lovomereza kuti sindidzawasumira, ndili ndi sabata imodzi, ndipo ndikhoza kukaonetsa loya. Chikalata cha zaka zimene ndagwira ntchito atumiza okha kuboma. Ndinkamva liwu lililonse, koma ngati akunena za munthu wina.

"Muli ndi funso?" anafunsa.

"Harjit ali pamalire. Maola ake akutha. Ndiloleni ndimalize zimenezi."

"Zimenezo zasamalidwa kale."

"Ndi ndani?"

"Zasamalidwa, bambo Chimwaza."

Anandiperekeza kudesiki. Masikirini onse awiri anali atatsekeka kale, akupempha dzina ndi mawu achinsinsi amene sanalinso kugwira ntchito. Ndinapereka foni, khadi lotsegulira zitseko ndi makiyi a kabati. Zanga zenizeni zinali kapu, chithunzi cha banja ndi nsapato zosinthira. Anzanga atatu a muofesi yathu anayang'ana pansi. Pambuyo pake ndinamva kuti awiri mwa iwo anaitanidwa masana omwewo.

Ndinakhala m'galimoto pamalo oimikapo, injini osailiza. Inali isanakwane leveni koloko. Ndinapisa m'thumba katatu kufuna foni imene ndinali nditangopereka. Sindinalire ndipo sindinakwiye. Ndinangoona kuti sindikudziwa kumene munthu amapita Lachiwiri m'mawa.

Mayi a Tadala, mkazi wanga, amasamalira okalamba ku Oakville. Atabwerako madzulo anandipeza ndili pampando, jekete ndisanavule. Ndinawapatsa envelopu. Atawerenga anati, "Sitifa ndi njala. Ine ndikugwira ntchito. Mawa tifune loya, musasaine kanthu."

Za mapepala zinayenda bwino. Loya anawerenga kalata, analembera kampani, anawonjezera pang'ono, ndinasaina. Ndinalembetsa thandizo la boma la ochotsedwa ntchito, ndipo masabata awiri aliwonse ndinkadzaza lipoti pakompyuta kuti ndikufunafuna ntchito ndipo ndine wokonzeka kugwira. Nyumba sinagwedezeke. Chimene chinagwedezeka chinali china, ndipo ndinalibe dzina lake.

Ndinkadzukabe hafu foro, kusamba, kuvala, kenako n'kukhala. Foni yanga inkatha tsiku lonse osalira, mpaka ndinkaizimitsa ndi kuiyatsanso kuti mwina yawonongeka. Tchalitchi ndinasiya. A Zulu anaimba kangapo, osayankha. Ulendo umodzi mayi a Tadala anandikakamiza kupita kuchinkhoswe cha mwana wa mnzawo. Kumeneko dokotala wina wa ku Lusaka anandipatsa moni nafunsa za ntchito yanga, "Nanga imwe musebenzera kuti?" Ndinati, "Ndinali..." n'kulephera kupitiriza. Ndinapita kubafa, ndipo kuchokera kumeneko ndinakadikira m'galimoto mpaka mwambo unatha.

Chimene ndimachita nacho manyazi ndi ichi. Masiku ena ndinkayendetsa galimoto mpaka pamsewu woyang'anizana ndi yadi, n'kuima patali, kuwerenga malole akutuluka. Ankatuluka panthawi yake. Ndinkafuna imodzi yokha ichedwe. Tsiku lina pamalo omwetsera mafuta ndinakumana ndi Harjit. Anandikumbatira, nati madalaivala amandikumbuka. Ndinamufunsa za nkhuku zija.

"Ndinawoloka isanakwane wani koloko," anatero. "Mayi wina wa kulikulu anakonza nambala ija. Katundu anafika panthawi yake."

Ananena zimenezi kuti andikhazike mtima pansi. Kwa ine zinali zowawa kuposa envelopu ija. Zaka khumi ndi zitatu ndinkakhulupirira kuti ndine mzati wa nyumba, koma atandizula denga silinapendekeke n'komwe. Ndiye ndinkagwira chiyani? Ngati kuntchito kumene ndinapereka zonse sindinali wofunika, kwina ndingafunike bwanji? Makalata ofunsira ntchito ndinkalemba, koma ndikaitanidwa kukayesedwa ndinkalankhula ngati wopepesa. Ena ankayankha mokana, ambiri osayankha, ndipo aliyense ankangotsimikiza zimene ndinali nditagamula kale.

Patatha miyezi inayi, Loweruka lina masana, mayi a Tadala anazimitsa wailesi yakanema imene sindinkaonera n'komwe, nakhala moyang'anizana nane.

"Bambo a Tadala, mwana wanu anaimba dzulo kuchokera kukoleji. Anafunsa ngati mwamukwiyira."

"Ndimukwiyire chifukwa chiyani?"

"Simumuimbira."

"Ndimuuze chiyani? Ndilibe nkhani. Ndine munthu wongokhala."

Iwo anati, "Zaka zonsezi tinkakugawanani ndi kampani, ndipo kampani inkatenga mbali yaikulu. Sitinadandaule. Tsopano kampani yakusiyani, ife sitinakusiyeni, koma mukulira ngati kuti iwo okha ndi amene anali ndi ufulu wonena kuti ndinu munthu. Ine sindinakuchotseni ntchito. Tadala sanakuchotseni. Lolemba tikupita kwa dokotala."

Tinapitadi. Dokotala wa banja anandifunsa za tulo, za kudya, ndiponso ngati ndinaganizapo zodzivulaza. Ndinayankha zoona, kuti ayi, koma kuti masiku ena ndinkaona kuti kukhalapo kwanga ndi kusakhalapo n'chimodzimodzi. Anati zimenezi ndi matenda a maganizo amene amagwira anthu ambiri ochotsedwa ntchito, nanditumiza kwa mlangizi. Poyamba ndinkaona ngati zachibwana, bambo wa imvi kukakhala pampando kufotokozera mlendo zakukhosi. Koma mlangiziyo anandipatsa zochita zooneka: kudzuka nthawi imodzi, kuyenda pansi ola limodzi, kufunsira ntchito m'mawa mokha, kuimbira munthu mmodzi tsiku lililonse, ndi kusiyiratu kupita kuyadi kuja. Woyamba kumuimbira anali Tadala. Anayankha m'Chingelezi monga mwa masiku onse, koma pomaliza anayesa Chichewa chake chothyokathyoka: "Adadi, ndakusowani." Wachiwiri anali a Zulu, amene anangoti, "Mwachedwa. Sondo ndibwera kukutengani, tipite kutchalitchi."

Ntchito ndinaipeza patatha miyezi isanu ndi inayi, yokonza nthawi zotsitsira katundu paweyahausi ina yaing'ono. Ndi yotsika poyerekeza ndi ija, ndipo ndimaigwira bwino. Luso lija silinatsale padesiki, ndinatuluka nalo, kungoti ndinatenga nthawi kuti ndilione. Cha kampani chinali mpando, ndipo mpando mwini wake amauchotsa tsiku limene wafuna, wokhalapoyo akhale waluso kapena ayi.

Chaka chatha mnzathu wina wa ku Zomba, amene ankagwira ntchito kubanki mumzinda wa Toronto, anachotsedwa chimodzimodzi. Anthu anamutumizira mavesi ndi maadiresi a ntchito. Ine ndinapita kunyumba kwake Lachitatu cha m'ma teni koloko, nthawi imene ndimadziwa kuti nyumba imakhala zii. Anatsegula chitseko atavala malaya ositidwa bwino ndi tayi. Sindinamufunse kanthu. Ndinamuuza kuti avale nsapato zoyendera, ndipo tinayenda.