Njerwa za Mayi Lufina

Ku Mlangeni kuli nyumba yanjerwa imene aliyense amati anamanga ndi a Paison, ndi ndalama za ku Joni. Akazi awo, Mayi Lufina, sanatsutsepo zimenezi, kupatula tsiku limene kunabwera Ida, mtsikana wa kafukufuku wofunsa akazi a amuna opita kumigodi.

“Kawailesi kanuko kakamva, kakauza ndani?” anafunsa mayiwo poona kachipangizo kojambulira mawu.

“Palibe, amayi. Dzina lanu tichotsa, tiika nambala. Ntchito ikatha, mawuwo tifufuta.”

“Nambala? Ngati ng'ombe ya kudibi? Chabwino, yatsani. Koma ana anga asadzamve. Bambo awo akhalebe munthu.”

Ndiye anayamba kufotokoza. A Paison anatumiza bulangete ndi chipewa, basi. Njerwa mayiwo anaumba okha, mwana ali kumsana. Mbatata ankasenza kukagulitsa ku Lizulu, n'kumagula malata limodzilimodzi. Apongozi awo atadwala, mayiwo anawasambitsa mpaka kumwalira. Amuna awo atabwerera, akutsokomola, anawasamalanso.

Ku ofesi, Ida anatsata dongosolo losungira uthenga limene kafukufukuyo analonjeza. Mawuwo anawaika mu kompyuta yotseka ndi pasiwedi, kope lina pa chosungira chapadera chokhomeredwa mu kabati. Pepala lolumikiza mayina ndi manambala linali ndi loko wakewake. Polemba zimene ananena, dzina la Lufina linasanduka 27, Lizulu inasanduka “msika wina,” a Paison “mwamuna wanga.” Ngakhale chipewa chija anachichotsa, poti m'mudzimo aliyense ankachidziwa.

Mayi Lufina anamwalira kafukufuku ali kumapeto. Ida anapita kumaliro. Wolankhula m'malo mwa banja analoza nyumba ija.

“Mayiwa anakhala pabwino. Amuna awo anawasiyira pogona.”

Anthu anavomera. Yamikani, mwana wamkazi wa malemu, anamugwira dzanja Ida.

“Achemwali, paja munawajambula mawu? Ndingowamvako akuseka.”

Ida anayang'ana pansi. Kusekako kunalipo, koma kunali pakati pa njerwa ndi bulangete.

“Anatiletsa okha,” anatero. “Pepani.”

Tsiku lofufuta, a Benson, woyang'anira kafukufuku, anakhala pambali ngati mboni. Mapepala a mafunso ndi pepala la mayina anawadula mu makina. Kenako anafika pa mawu ojambulidwa: a m'kachipangizo kaja, a mu kabati, pomaliza a mu kompyuta. Pa nambala 27 dzanja la Ida linaima. Foni yake inali pomwepo. Kukopera mawuwo m'fonimo sikukanavuta.

“Mwaiwala china?” anafunsa a Benson.

“Ayi.”

Anafufuta, ndi pulogalamu yoti zofufutidwazo zisabwererenso, onse awiri n'kusaina.

Zolemba zopanda mayina ndi zimene zinatsala. M'menemo muli mayi wina wa m'mudzi wina amene akuti, “Njerwa zonsezo ndinaumba ndekha.” Ida akamadutsa pa Mlangeni pa minibasi, kondakitala amaitanabe kuti, “Otsika pa nyumba ya a Paison!”