Miyezi Isanu ndi Umodzi Yoyesedwa

Mkazi wanga. Mwana amene anali m'mimba mwake. Nyumba ya malata ya zipinda ziwiri kuseri kwa zigafa. Ntchito. Izi ndi zimene ndinataya m'sabata imodzi, chaka china cha makuponi, mvula isanagwe.

Kalata yondilemba ntchito inachokera ku esiteti ina ya fodya cha ku Kaluluma. Ndinali nditakhala nthawi yaitali ndi pepala la ku koleji popanda ondiitana, choncho tinaiwerenga awiri ndi mkazi wanga, iye atatsamira paphewa langa. Inatchula malipiro a pamwezi asanachotse msonkho. Inatchula ntchito zanga: kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka, kusunga malisiti, kukonza malipiro a aganyu, kulemba chimanga ndi feteleza amene matenanti atenga kuti adzadulidwe akagulitsa fodya. Kenako inati ndidzakhala woyesedwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo m'nthawi imeneyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa ntchito popanda notisi. Tchuthi, thandizo la kuchipatala, galimoto pa matenda, bokosi pa maliro, zonsezi zinali za wantchito amene walandira kalata yachiwiri yomutsimikiza.

"Ndiye mpaka bokosi analembamo?" anatero mkazi wanga akuseka. "Sainani, akalaliki. Ife sitikufa chaka chino."

Ndinasaina makope awiri, limodzi lawo, lina langa.

Ndinagwira ntchito ngati munthu wobisala mvula pakhonde la eni. Sindinachedwepo. Mabuku anga ankagwirizana ndi ndalama za m'sefa. Mkazi wanga anayamba kuwerengera miyezi yathu pamodzi, yake ya pakati ndi yanga yoyesedwa, n'kumati tione amene ayambe kumasuka.

Kutatsala masabata ochepa kuti nditsimikizidwe, miyendo yake inatupa, mutu n'kumamuwawa osaleka. Anamwino a chipatala chaching'ono anati apite ku boma msanga, magazi akuthamanga kwambiri. M'mawa mwake linali tsiku la malipiro. Aganyu anali atadzaza kale pakhomo pa ofesi, ambiri ali ndi makuponi m'thumba, akudikira ndalama zokawombolera feteleza asanathe kudepoti.

Ndinalowa kwa amanijala n'kupempha zinthu ziwiri, galimoto ndi tsiku limodzi.

"Kalata yanu munaiwerenga, achimwene?"

"Ndinaiwerenga, bwana."

"Ndiye mukufuna ndiphwanye lamulo ine, mawa aliyense abwere ndi azakhali ake odwala? Simunatsimikizidwe."

"Mafuta ndigula ndekha."

"Nkhani si mafuta. Ndipo anthu ali panjawa awalipira ndani? Inu ophunzira mumadabwitsa. Azimayi a matenanti amaberekera m'zigafa muno, mawa lake ali kumunda." Anatsegula kabati n'kutulutsa kope lawo la kalata ija, chala chili pa mzere wa notisi. "Mukachoka lero, makiyi a nyumba musiye patebulo apa."

Galimotoyo inali panja, pansi pa mtengo wa mango, dalaivala akuitsuka.

Mkazi wanga anapita ndi mayi wina woyandikana nafe nyumba, pa kabaza mpaka pamsewu waukulu, kenako pa minibasi yoima paliponse. Ine ndinakhala pawindo la ofesi kuitana mayina, kudindisa zala, kupereka maenivelopu. Sindinalakwitse ngakhale imodzi. Foni inalira ndikutseka buku. Anali mayi uja, ndipo anayamba ndi kundifunsa ngati ndili ndi anthu pafupi.

Bokosi anandipatsa, koma ngati ngongole yodula pa malipiro, chifukwa kalata inali isanasinthe. Galimoto ija inanyamula mtembo, mafuta anagula achimwene anga aakulu. Pamaliro amanijala anapatsidwa mpando kutsogolo, pafupi ndi akulu ampingo. Wolengeza zipepeso atafika pa esiteti anati yathandiza ndi bokosi ndi galimoto, anthu n'kung'ung'udza moyamikira. Apongozi anga anapita kukagwada pamaso pawo kuthokoza. Ndinaona zonsezi, koma wofedwa sayankhula pamaliro.

Nditabwerera ku ofesi, ngongole ya bokosi ndinailemba ndekha m'buku, pa dzina langa, popeza kalaliki ndinali ine. Amanijala anandiuza mokoma mtima kuti masiku a maliro awawonjezera pa nthawi yanga yoyesedwa, ndisadandaule, kalata yachiwiri ikubwera. Ndinawakumbutsa kuti mzere wa notisi uja umanena mbali iliyonse. Ndinasiya makiyi a sefa ndi a nyumba patebulo.

Anthu amati bwenzi atamwalirabe ngakhale akanapita pa galimoto. Mwina. Ine sindikudziwa, ndipo iwonso sakudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'mawa uja ndinabwerera kunyumba kukamuuza kuti zakanika, ndipo ndinati basi, ntchito ithe, tipitire limodzi. Anali atakhala pakhonde, nsapato zitakana kulowa. Anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana.

"Ndiye mwanayu adzafikira kuti? Pitani, bambo, anthu akukudikirani. Mukamabwera madzulo munditengereko chitenje china, ichi chada."