Foni Imene Inkadzitcha Kompyuta

M'zaka zimene yunivesite inkakula ndipo ntchito zambiri zinkasamukira pa intaneti, ine ndinali mu ofesi ya makompyuta. Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku laibulale, wokhala ku Ching'ambo, amene amuna awo anali atangomwalira kumene. Anali atalandira uthenga woti wina walowa mu akaunti yawo ya kuntchito ndi kompyuta ya Linux. Iwo analibe kompyuta, choncho ankakayikira mlamu wawo amene anali nayo, mpaka anasiya kulankhula naye.

Ndinawapempha kuti alowenso ine ndikuona. Anatulutsa foni ya malemu, imene anayamba kuigwiritsa ntchito maliro atatha. Atalowa anandifunsa kuti, "Makina anuwo akuti ndikugwiritsa ntchito chiyani?"

Ndikanatha kungoti foni kuti mtima wawo ukhale pansi, koma ndinawerenga zimene zinalembedwa.

"Akuti kompyuta ya Linux, mama. Makinawa saona chimene mwagwira m'manja. Amangokhulupirira zimene pulogalamu yotsegulira intaneti yawauza."

Titayang'ana, tinapeza kuti malemuwo anaitchera foniyo kuti izionetsa masamba a pa intaneti ngati kompyuta. Titachotsa zimenezo n'kulowanso, makina aja anati ndi foni ya Android.

"Ndiye alamu anga sanalowe?" anafunsa.

"Sindingalumbire, koma nthawi ya uthengawo ndi imene mukuti munalowa inuyo."

Anayang'ananso foniyo. Kenako anandithokoza kuti, "Yewo chomene," n'kutuluka panja. Ndili pa windo ndinawamva akupereka moni kwa mlamu wawo uja pa foni.