Khoma la Mayi Makwinja

Mayi Makwinja a ku Bangwe akhala akuchititsa lendi nyumba chimwalirireni amuna awo, ndipo pa ndalama sasakaniza. A Sulaiman, telala, polowa analipiriratu lendi ya miyezi itatu, kuphatikizapo dipoziti. Mayiwo amatapako lendi ya mwezi umene munthu wakhalamo basi. Dipoziti amaisunga payokha, poti ndi ya mwiniwake pokhapokha ataononga kanthu.

Mwezi woyamba ukutha, mvula inagwetsa khoma la nyumbayo, a Sulaiman n'kusamuka.

"Dipozitiyo tigulire njerwa," anatero a Ellard, achimwene awo a mayiwo.

Mayi Makwinja anaitanitsa telala uja, namubwezera lendi ya miyezi iwiri ndi dipoziti yonse, achimwenewo akuona.

"Khomali analikankha ndi a Sulaiman? Ngati mukufuna njerwa, achimwene, pitani mukailipiritse mvulayo."